Musalembe kuti "wadwala" pamene chavuta ndi yunifolomu

Amayi anzanga, pali kakalata kena kamene ambiri a ife tidalembapo, kapena tidauza mwana wamkulu kuti atilembere. Kamakhala ka mizere iwiri, papepala lothothola pakati pa kope: "Aphunzitsi, mwanayu sanabwere kusukulu chifukwa amadwala malungo." Chonsecho mwanayo sadatenthe thupi ngakhale tsiku limodzi. Chidavuta n'chakuti diresi la yunifolomu lidang'ambika kumbuyo, kope lidatha, ndipo ndalama yomwe idalipo idapita kuchigayo.

Sindikudzudzula mayi amene adalemba choncho. Adalemba pofuna kubisa manyazi a pakhomo pake, ndipo palibe amene amakonda kuyanika mavuto a m'nyumba mwake pabwalo. Koma maganizo anga ndi akuti kalata yotere imapweteka mwana yemwe tikufuna kumuteteza. Pali njira yonenera zoona, mwachidule, popanda kunama komanso popanda kudzinyoza. Njira imeneyi ingathe kuphunziridwa monga timaphunzirira kusoka kapena kuphika, ndipo ndikufuna tiyione bwino mawu ndi mawu.

Chimene bodza la matenda limawononga

Mphunzitsi amathandiza molingana ndi zimene wauzidwa. Mukamuuza kuti mwana akudwala, iye amalemba m'kaundula kuti sanabwere, n'kumadikira kuti achire. Sangaganize zomulola kubwera ndi zovala zakunyumba, sangapereke dzina lake kwa amayi a gulu losamalira ana pasukulupo, chifukwa palibe chamuuza kuti vuto ndi zovala. Mwatseka nokha khomo limene thandizo likadalowera.

Chachiwiri, malungo amatha, koma yunifolomu siisokeka yokha. Pakatha masiku atatu kapena anayi, bodza lija limafuna linzake. Sabata yotsatira mudzati mutu, ina mudzati m'mimba. Mphunzitsi wosamala angakufunseni buku la kuchipatala la mwanayo, ndipo mudzasowa choonetsa. Choopsa kwambiri n'chakuti tsiku limene mwanayo adzadwaledi, kusukulu adzakhala atasiya kukukhulupirirani.

Chachitatu chili pa mwana mwini. Ndiye amene amanyamula kakalatako, ndipo ndiye amafunsidwa ndi anzake kuti, "Wachira?" Akuphunzira kwa mayi ake kuti kusowa ndi chinthu chonyansa kuposa kunama. Lamulungu timamuphunzitsa lamulo lachisanu ndi chitatu, Lolemba tikumutuma ndi bodza m'thumba. Mwana amaona zimenezi ngakhale sanena.

Mbali inayo: kalata yodzigwetsa pansi

Amayi ena sanama, koma amapita mbali ina. Amadzaza tsamba lonse: kuti ndife amphawi otheratu, bambo ake adatithawa, amangomwa mowa, tagona ndi njala masiku awiri, chonde chonde tichitireni chifundo ife osauka. Zonsezi zikhoza kukhala zoona. Koma kalata ndi pepala, ndipo pepala limayenda. Likhoza kutsala patebulo, kuwerengedwa ndi aphunzitsi ena, ngakhale kutoledwa ndi mwana wa m'kalasi momwemo. Zimene mwalemba za bambo a mwanayo simungazibwezenso, ndipo mwana wanu adzakhala pasukulu imeneyo zaka zingapo.

Komanso kalata yotere imamusiya mphunzitsi asakudziwa choti achite. Iye sangathetse umphawi wa banja lanu, sangabweze bambo amene adachoka. Chimene angathe ndi chaching'ono koma chenicheni: kulola mwana kukhala m'kalasi mawa. Mukamusenzetsa mavuto onse nthawi imodzi, kanthu kamodzi komwe akadatha kuchita kamamira.

Choncho mfundo yanga ndi iyi: nenani chinthu chimene chikusowa, musanene chimene banja lanu lili. "Yunifolomu yang'ambika" ndi nkhani ya nsalu. "Ndife amphawi" ndi dzina limene mwadzipatsa nokha, ndipo mwana wanu adzaitanidwa nalo.

Dziwani pamene mwaima

Mayi amalankhula modekha akadziwa kuti sakupempha chinthu chachilendo. Maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma adakhala aulere kuyambira chaka cha 1994, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndondomeko ya boma ndi yakuti yunifolomu isakhale chifukwa chobwezera mwana wa pulayimale kunyumba. Lamulo la Maphunziro la chaka cha 2013 lidawonjezera kuti maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Ndiye kuti malo a mwana wanu ndi m'kalasi, kaya wavala yunifolomu kaya diresi la kunyumba.

Tonse tikudziwa kuti zolembedwa ndi zochitika sizifanana nthawi zonse. Pali sukulu zimene ana amabwezedwabe pakhomo la kalasi, ndipo pali ana amene sabwezedwa ndi munthu koma amakana okha kupita chifukwa choopa kusekedwa. Komabe kudziwa ndondomekoyi kumasintha kalembedwe kanu. Simukupempha kuti aphunzitsi aphwanye lamulo chifukwa cha inu. Mukuwadziwitsa za vuto ndi kupempha kuti mugwirizane.

Sindikulangiza kuti muyambe kalata ndi kutchula malamulo. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi akalandira kalata yoyamba ndi "boma lidati", amamva ngati mwabwera ndi mlandu. Mawu amenewo asungeni. Adzagwira ntchito ngati pempho laulemu lakanidwa.

Tione chitsanzo

Tiyerekeze mayi wina wa mumphakati mwathu. Ali ndi mtsikana wa Sitandade 6. Ndi mwezi wa Febuluwale, teremu yachiwiri, nthawi imene nkhokwe zili pululu ndipo ndalama ya ganyu ikuthera ku ufa. Yunifolomu ya mtsikanayo, imene wavala zaka ziwiri, yang'ambika poti singasokekenso. Makope awiri atha. Mwana wakhala pakhomo kuyambira Lolemba, ndipo lero ndi Lachinayi. Mayiyo akuyembekeza ndalama ya ganyu yopalira Loweruka, yokwana makope koma yosakwana nsalu ndi telala. Kalata yake ingakhale yotere:

*Kwa aphunzitsi a Sitandade 6,*

*Ndine mayi ake a ………, wa m'kalasi mwanu. Mwanayu sanathe kubwera kusukulu kuyambira Lolemba mpaka lero Lachinayi. Sakudwala. Yunifolomu yake yang'ambika moti singavalike, ndipo makope a masamu ndi Chingerezi atha.*

*Makope awiriwa ndigula Loweruka lino. Yunifolomu ndikuyembekeza kusoketsa pakutha pa mwezi wa Malichi, ndipo zikavuta ndidzabwera kudzakuuzani. Ndikupempha kuti mumulole azibwera ndi zovala zakunyumba zochapa bwino kufikira nthawi imeneyo, kuyambira mawa. Ndikupemphanso kuti mumuuze zimene anzake aphunzira masiku anayiwa kuti akopere.*

*Pepani kuti sindinakudziwitseni msanga. Zikomo.*

*Ine kholo lake, ………*

Kalatayi ndi yaifupi, yokwana theka la tsamba la kope. Koma mzere uliwonse uli ndi ntchito yake.

Mzere woyamba ukutchula dzina la mwana, kalasi ndi masiku. Musaganize kuti mphunzitsi akumbukira kuti mwana wanu adasowa liti. Mukatchula masiku nokha, mukuonetsa kuti mumawerenga, kuti kusowa kwa mwanayu sikunakudutseni. Onaninso mawu akuti "sanathe kubwera". Ndi osiyana ndi "wajomba". Kujomba kumamveka ngati mwana wathawa sukulu dala, pamene uyu amafuna kubwera koma china chidamuletsa.

Kenako pali liwu limodzi lokha: "Sakudwala." Limeneli likutseka njira ya bodza musanayambe kuiyenda, ndipo likumasula mphunzitsi ku nkhawa yosafunika. Pambuyo pake chifukwa chenicheni chikubwera m'chiganizo chimodzi, ndipo chikunena za yunifolomu ndi makope basi. Simunafotokoze chifukwa chimene ndalama yasowera. Mphunzitsi amakhala m'dziko lomweli, amadziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wotani. Akafuna kudziwa zambiri adzakufunsani pamaso, ndipo pamenepo mudzasankha nokha zoti munene.

Ndime yachiwiri ndi imene imasunga ulemu wanu. Ikunena zimene inuyo mukuchita, ndi nthawi yake. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa "tilibe" ndi "sitinagule". "Tilibe" ndi khomo lotseka. "Sitinagule, tigula Loweruka" ndi mawu a kholo limene likugwira ntchito yake. Mayi uja wagawa vutolo pawiri: chaching'ono chimene angathe sabata ino, ndi chachikulu chimene chidikire. Makope ndiwo ayambe, chifukwa mwana wovala diresi la kunyumba akhoza kuphunzira, koma wopanda polemba amangokhala.

Pano pali msampha. Musalonjeze tsiku limene mukudziwa kuti simukwanitsa. Manyazi amatikankha kunena kuti "sabata yamawa" pofuna kuti nkhani ithe msanga, ndiye sabata yamawa ikafika mwana amayambanso kubisala pakhomo chifukwa mayi ake sanasunge mawu. Werengani bwino: ndalama ibwera liti, telala atenga masiku angati, kenako onjezerani sabata ina pamwamba. Ngati simukudziwa n'komwe, lembani choncho: "Pakadali pano sindingatchule tsiku, koma ndidzabwera kudzakuonani pakutha pa mwezi uno." Limeneli ndi lonjezo loti mungasunge ngakhale m'thumba muli mbee.

Pempho nalo likhale lodziwika, loti mphunzitsi ayankhe kuti inde kapena ayi. "Tithandizeni" alibe poyambira. "Mumulole azibwera ndi zovala zakunyumba kuyambira mawa" ali ndi yankho. Ndipo musaiwale pempho lachiwiri lija, la zimene anzake aphunzira. Limamuonetsa mphunzitsi kuti nkhawa yanu ili pa maphunziro a mwana, chinthu chimene iyenso amachisamala.

Potsiriza, onani pamene pali "pepani". Ali pamalo amodzi okha, ndipo akupepesa chifukwa chochedwa kudziwitsa. Kumeneko ndi kulakwa kwenikweni, ndipo n'koyenera kupepesa. Koma kusowa ndalama si mlandu umene mwapalamulira sukulu. Musapepese chifukwa cha umenewo.

Pamene chosowacho n'chovuta kuchitchula

Nthawi zina chimene chamukhazika mtsikana pakhomo si diresi koma zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi, kapena sopo wochapira. Apa ndi pamene ambiri timathamangira kulemba kuti "akudwala m'mimba". Simukuyenera kulemba zonse papepala, koma simukuyeneranso kunama. Mungathe kulemba kuti: "Sanathe kubwera chifukwa cha zosowa zina za atsikana zimene ndikufuna kukambirana ndi aphunzitsi aakazi." Mphunzitsi aliyense amva. Zotsalazo mukanene pakamwa kwa mphunzitsi wamkazi kapena kwa amayi a gulu losamalira ana pasukulupo, amene m'sukulu zambiri za pulayimale ntchito yawo ndi yomweyi, yoonetsetsa kuti ana, makamaka atsikana, sakusiya sukulu. Ndipo musanapite, muuzeni mtsikanayo zimene mukanene ndi amene mukamuuze. Ndi thupi lake, ndi nkhani yake.

Ngati simulemba, kapena mwasankha kupita nokha

Kalata si yoposa miyendo. Ngati sukulu ili pafupi, kupita nokha n'kwabwino koposa, ndipo mawu ake ndi omwewo. Pitani m'mawa ana asanalowe, kapena pa nthawi yopuma. Musaime pakhomo la kalasi n'kuyamba kufotokoza ana onse akumva. Mukapatsana moni, nenani kuti, "Aphunzitsi, ndili ndi mawu pang'ono, tingapatuke?" Kenako zinthu zinayi zija: masiku amene mwana wasowa, chimene chikusowa, chimene mukuchita, ndi chimene mukupempha. Mukatha, khalani chete, mudikire yankho. Ambiri timawononga apa. Chete akatalika pang'ono timachita mantha, n'kuyamba kukhuthula za m'nyumba zimene sitinafunsidwe.

Ngati mutuma mwana ndi kalata, ipindeni, mulembe dzina la mphunzitsi pamwamba, ndipo mumuwerengere mwanayo zimene zili m'katimo asananyamuke. Asanyamule chinthu chonena za iye chimene sakuchidziwa. Mpatseninso mawu ake oyankhira anzake, chifukwa iwo ndiwo adzamufunsa koposa aphunzitsi. Afupi ndi okwanira: "Yunifolomu yanga yang'ambika, ndivala ina ikasokedwa." Mwana amene wayeserera yankho kunyumba sagwidwa kakasi pabwalo la sukulu.

"Nanga akandiseka, kapena akakana?"

Wina anena kuti zonsezi n'zokoma papepala, koma aphunzitsi ena amalalata, ena amakafalitsa nkhani, ndipo bodza la malungo silinyozetsa munthu. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo sindingakulonjezeni kuti aliyense adzakulandirani bwino. Koma taonani kuti kalata ija ili ndi chiyani choti munthu akafalitse. Muli yunifolomu yong'ambika ndi makope awiri. Mulibe za banja, mulibe za ngongole, mulibe za bambo. Kufupika kwa kalatayo ndiko chitetezo chanu. Ndipo choonadi chidzaoneka ndithu tsiku limene mwana adzafike atavala diresi la kunyumba. Kuli bwino chifike ndi mawu anu kusiyana ndi kuti chidzatulukire pambuyo pa mabodza atatu.

Mphunzitsi wa kalasi akakana, musakangane naye pamaso pa mwana. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu ndi mawu omwewo, ndipo apa mungawonjezere modekha kuti, "Ndidamva kuti kupulayimale mwana sayenera kubwezedwa chifukwa cha yunifolomu, ndiye ndimati mundithandize kumvetsa." Zikakanikabe, pali komiti ya sukulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, zimene mamembala ake ndi anthu a m'midzi yathu yomwe. Pamwamba pa izi pali mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa dera lanu, amene ambiri timamutchula kuti PEA. Kwerani makwerero amenewa limodzilimodzi, osadumpha.

Ndinenenso malire a zimene ndalembazi. Kusekondale ndi m'sukulu zomwe si za boma, yunifolomu kawirikawiri imakhala m'malamulo a sukulu, ndipo simungadalire ndondomeko ya pulayimale ija. Kalembedwe kake n'komweko, koma kalata ipite kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo pempho likhale la nthawi yodziwika, monga masabata awiri kapena atatu. Funsaninso ngati pali thumba lothandiza ophunzira osowa ndi njira yolembetsera. Safunsa adadya phula.

Chinthu china chimene kalata yabwino singakonze ndi kuchedwa. Sabata ya sukulu ili ndi masiku asanu. Mukadikira masabata awiri kuti mwina ndalama ipezeka, mwana wataya masiku khumi a masamu, ndipo komwe kuli phala la kusukulu wataya makapu khumi a phala pa nyengo imene pakhomo chakudya n'chochepa. Akakhalitsa, kubwerera kumamuvuta kuposa kukhala. Nthawi yabwino yolembera ndi tsiku loyamba, ngakhale dzulo lake, mukangoona kuti mawa savala kanthu.

Gawo lathu ngati bungwe

Ambiri mwa inu mudzakhala mbali inayo, yolembera mnzanu amene sadziwa kulemba kapena amene manja akumunjenjemera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kalatayo ndi ya mayi ake. Lembani zimene iye wavomera. Musawonjezere mawu omvetsa chisoni poganiza kuti mukumuthandiza, monga "mayiyu ndi wovutikitsitsa". Mukamaliza muwerengereni mokweza, mumufunse ngati pali liwu loti lichoke, ndipo asayine yekha kapena adinde chala. Akapempha kuti mumuperekeze kusukulu, pitani, koma mukakhale pambali pake, alankhule yekha.

Ndipo zimene mwamva zithere pomwepo. Tili ndi chizolowezi chobweretsa mavuto a anzathu pamsonkhano, kapena m'mapemphero a mphakati, dzina ndi dzina, m'dzina lowapempherera. Mayi amene wamva dzina lake likutchulidwa pagulu chifukwa cha yunifolomu sadzabweranso, ndipo ulendo wina adzalemba za malungo. Ngati bungwe lili ndi kathumba ka zachifundo, kapena likusonkhanitsa mayunifolomu amene ana athu adawakula, asankhidwe amayi awiri osunga chinsinsi. Pamsonkhano pazinenedwa chiwerengero chokha, kuti mwezi uno tathandiza ana angati, popanda maina. Yunifolomuyo ikaperekedwe kunyumba kwa mayiyo, kuti iyeyo ndiye ampatse mwana wake, osati kutsogolo kwa tchalitchi anthu akuwomba m'manja.

Pamsonkhano wanu wotsatira, ndikupempha kuti mupatule kanthawi. Wina awerenge kalata ya mayi wa mtsikana wa Sitandade 6 ija, kenako mukhale awiriawiri, wina akhale kholo wina mphunzitsi, muyeserere kunena mawuwo pakamwa. Poyamba mudzaseka, ndipo mudzaona kuti lilime likuthamangira ku "pepani, pepani" kapena ku "amadwala". Bwerezani mpaka chiganizo chija chituluke chokha, mutu uli chowongoka: "Sakudwala, aphunzitsi. Yunifolomu yang'ambika, ndipo ndikupempha abwere mawa ndi zovala zakunyumba."